Tayala lakutha silichoka m'dziko muno: nanga tizitani nalo?

Galimoto ikatha imadulidwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo. Batire lakutha anthu amalilimbirana chifukwa cha mtovu uli mkatimo. Koma tayala likafika potulutsa mawaya palibe amene amalifuna, ndipo silioneka kuti lili ndi kopita. Mukayenda ku Mchesi kapena ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe mu Blantyre, kumbuyo kwa malo ambiri omatira matayala kuli mulu wake. Ena ali pamadenga kupsinja malata, ena ali mu mifuleni, ena ana akugubuduza. Mvula ikangoyamba, lililonse mwa matayala amenewa limasanduka kachitsime.

Ine nkhaniyi ndimaiona ngati ya ndalama kaye, kenako ya umoyo. Mulu uja umayambira pa zimene timagula.

Chiyambireni kuvuta kwa ndalama zakunja, makamaka kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, tayala latsopano lakhala chinthu chomaliganizira kawiri. Dziko lino silipanga matayala a galimoto. Lililonse limene mukuliona pamsewu linagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndiye dalaivala wa Sienta amene bwana wake akufuna ndalama yake madzulo aliwonse amathamangira la kaunjika, lomwe linayendapo kale kunja. Palibe angamunene. Koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano, ndikunena mizere yokumbika ija imene imagwira msewu, akuya pafupifupi mamilimita 8. Mayiko ambiri amati mano akatsala mamilimita 1.6 tayalalo latha, lisayendenso. Ndiye kuti chimene mumagula kwenikweni ndi mamilimita 6.4. Tsopano tiyerekeze kuti latsopano lili pa K200,000, ndipo mwapeza la kaunjika pa K100,000 lomwe mano ake atsala mamilimita 4. Pamaso likuoneka labwinobwino, theka la mano pa theka la mtengo. Koma chotsaniponi 1.6 uja. Mwatsala ndi mamilimita 2.4 okha oti muyendere. Pa latsopano milimita imodzi mwaigula K31,250. Pa la kaunjika mwaigula pafupifupi K41,700. Lotchipa lija ndiye lodula.

Mitengoyi ndangoyerekeza, inu ikanipo imene mwaipeza kumsika, koma masamu ake ndi omwewo. Ndipo pali mbali ina imene dalaivala saiona chifukwa siimukhudza m'thumba. Kuti muyende mtunda umene tayala limodzi latsopano likadayenda, mufunika a kaunjika otere pafupifupi atatu. Atatu onsewo adzafera kuno. Dziko limene linadya mano abwino a tayalalo lapulumuka ntchito yolitaya, ife talipira ndi madola athu kuti tiwasungire zinyalala. Si zamanyazi kugula kaunjika, tonsefe tinakulira m'malaya a pamsika. Kungoti malaya akatha amasanduka chokolopera, pomwe tayala limakhala zaka zosawerengeka osaola.

Ngati mukugulabe la kaunjika, ndipo ambirife tizigulabe, pali zinthu zoti muone pakhoma la tayalalo musanatulutse ndalama. Funafunani pamene palembedwa `DOT`. Kumapeto kwa zilembo zotsatira pali manambala anayi, nthawi zambiri ali m'kabokosi kobulungira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona `2318`, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Labala imakalamba ngakhale tayala litangokhala osayenda: imauma n'kuyamba timing'alu tating'onoting'ono m'mbali ndi mkati mwa mizere. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti likadutsa zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichoke, kaya mano alipo kaya palibe. China, matayala ena ochokera ku Japan amakhala olembedwa `STUDLESS` kapena ali ndi kachizindikiro ka phiri ndi chipale. Amenewo anapangidwira nyengo yachisanu, labala yake ndi yofewa. Pa phula lotentha la ku Chikwawa mu October amasungunuka ngati sopo.

Udzudzu wa m'tayala si umene mukuuganizira

Apa ndi pamene ndimaona kuti uthenga wathu wa zaumoyo umasokonekera. Tonse tinaphunzira kupulayimale kuti madzi odikha amabweretsa udzudzu, udzudzu umabweretsa malungo. Ndi zoona, koma udzudzu uli m'mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi pamene umakonda kuikira. Anofelesi amene amafalitsa malungo kuno kwathu amakonda zithaphwi zapansi zowombedwa ndi dzuwa, m'mapazi a ng'ombe, m'maenje oumbira njerwa, m'mbali mwa madambo ndi m'minda ya mpunga. M'tayala salowa kawirikawiri.

Mwini wake wa tayala ndi wina, wotchedwa Edesi. Amene ali ndi bandulo alembe `Aedes aegypti` aone chithunzi chake, ndikukhulupirira ambiri mumuzindikira. Ndi kaudzudzu kakuda kokhala ndi timizere toyera m'miyendo, ngati kavala masokosi a timu ya mpira. Kameneka makolo ake ankaikira m'mphako za mitengo, ndiye tayala kwa iko ndi mphako yabwino kuposa zonse: mkati muli mdima, labala yakuda imasunga kutentha, masamba ogwera mmenemo amaola n'kukhala chakudya cha timphutsi take, ndipo mulibe nsomba yoti itidye. Komanso yesani kukhuthula madzi m'tayala muone. Mukalipendeketsa uku madzi amathawira uko. Maonekedwe ake enieniwo ndi amene amalipangitsa kusunga madzi ngakhale muliimike, muligoneke kapena mulitsamiritse kukhoma.

Edesi saikira pamadzi penipeni. Amamata mazira ake pakhoma la mkati, pamwamba pang'ono pa pamene madzi alekezera. Mazirawo amatha kukhala miyezi ingapo ali ouma, osafa. Madzi akadzakwera n'kuwamiza, amaswa, ndipo nyengo yotentha pakangopita masiku 7 mpaka 10 udzudzu wauluka. Ndiye tayala limene mukuliona louma mu September litha kukhala kuti lanyamula kale udzudzu wa December. Ndi chifukwa chake kungokhuthula madzi sikukwanira. Umafunika kukwecha mkatimo ndi bulashi kuti mazira achoke.

Udzudzu umenewu umaluma masana, makamaka m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe, ndipo umakonda m'miyendo ndi m'akakolo. Neti yanu, imene imakutetezani bwino ndithu ku malungo, ilibe nawo ntchito pokhapokha ngati mukugona masana. Suuluka mtunda wautali, nthawi zambiri mamita mazana ochepa kuchokera pamene unabadwira. Mukamalumidwa masana pakhonde, musaloze dambo la kutali. Gwero lake lili pabwalo panu kapena kwa aneba.

Matenda ake si malungo. Ndi dengi, amene pa intaneti amalembedwa `dengue`, komanso chikungunya ndi zika. Dzina loti chikungunya likumveka ngati lakwathu, eti? Ndi la Chimakonde, ndipo matendawa anazindikiridwa koyamba kummwera kwa Tanzania mu 1952. Dzinalo limanena za kupindika kwa munthu chifukwa cha ululu wa m'mfundo. Dengi naye sali kutali. Ku Pemba ndi ku Nampula, m'dziko la Mozambique, unabuka mu 2014. Ku Dar es Salaam unabuka mu 2014 komanso mu 2019, pomwe anthu masauzande anadwala. Taganizani kuchuluka kwa anyamata athu amene amapita ku Dar kukatenga magalimoto ndi katundu wa mashopu, ndi mathiraki amene amadutsa pa Songwe tsiku lililonse. Udzudzuwo tili nawo kale, ndi wa mu Africa muno. Chimene chimafunika n'chakuti munthu mmodzi abwere ndi kachilombo m'magazi, alumidwe, basi nkhani yayambika.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti dengi amafanana kwambiri ndi malungo pachiyambi: kutentha thupi kwadzidzidzi, mutu, kuphwanya m'thupi. Chimasiyanitsa nthawi zambiri ndi ululu wa kumbuyo kwa maso, kupweteka koopsa kwa mfundo ndi minofu, ndi totupa pakhungu. Munthu akayezetsa malungo osapezeka, chizolowezi chathu ndi kudutsira pagolosale kukagula bufeni kapena asipulini. Pa dengi mankhwala awiri amenewa ndi oopsa chifukwa amawonjezera chiopsezo chotaya magazi. Wololedwa ndi panado, kumwa madzi ambiri, ndi kubwerera kuchipatala msanga ngati m'mimba mwayamba kupweteka kwambiri, mukusanza kosalekeza kapena m'kamwa mukutuluka magazi. Mankhwala ophera kachilomboko palibe. La sachita kanthu pamenepa.

Kuti tayala limatha kusamutsa udzudzu kuchoka dziko lina kupita lina si nthano. Mu 1985 ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America, anapeza msuweni wa Edesi wathuyu, wochokera ku Asia, wotchedwa `Aedes albopictus`, atakhazikika. Atafufuza anapeza kuti anabwera ndi matayala akale ochokera kumpoto kwa Asia, makamaka Japan, amene ankaitanitsidwa kuti akavekedwe mano atsopano. Mazira ouma aja anawoloka nyanja ali phee m'makontena. Lero udzudzu umenewo wafalikira ku America, ku Ulaya ndi mayiko angapo a mu Africa.

Ndipo tisanadzitonthoze kuti tayala ndi malungo n'zosakhudzana, pali mlendo wina amene akusintha nkhaniyi. `Anopheles stephensi` ndi Anofelesi wa ku India ndi mayiko a Aluya, yemwe mosiyana ndi abale ake a kuno amakonda m'tauni ndipo amaikira m'mathanki, m'migolo ndi m'matayala momwe. Anapezeka koyamba mu Africa ku Djibouti mu 2012. Chaka chimenecho dzikolo linali ndi odwala malungo 27 okha, litatsala pang'ono kuthana nawo. Pofika 2020 anali opitirira 70,000, ndipo akatswiri amaloza udzudzu umenewu ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Kuchokera apo wapezeka ku Ethiopia, Sudan, Somalia, Nigeria, Ghana, ndipo mu 2022 kumpoto kwa Kenya. Kuno m'tauni malungo amakhala ochepa kuyerekeza ndi kumudzi chifukwa Anofelesi wathu sapeza malo ambiri oikira pakati pa simenti. Mlendoyu akadzafika, mwayi umenewo watha, ndipo mulu wa matayala wa kuseri kwa galaja udzakhala nkhani ya malungo.

Mutha kuyeza nokha. Tungani madzi a m'tayala ndi kabotolo kodula, muwasiye akhazikike. Timphutsi ta Anofelesi timagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Ta Edesi, ndi ta udzudzu wamba uja wolira kukhutu usiku, timalendewera mutu pansi, mchira m'mwamba. Mukaona togona chopingasa m'tayala kapena m'thanki m'tauni, imeneyo ndi nkhani yoti alangizi a zaumoyo a m'dera lanu aimve tsiku lomwelo.

Moyo wachiwiri umene timaupha tokha

Tayala lili ndi zigawo ziwiri. Pali thupi, lomwe ndi nsalu za linya ndi mawaya zomatidwa ndi labala, ndiye pali mano pamwamba pake. Thupi ndi limene limadya ndalama zambiri popanga. Mano ndi chovala chabe. Ntchito ya ritiredi ndi kuvula chovala chakutha n'kuveka china pathupi lomwelo.

Kufakitale amayamba n'kuliunika mkati ndi kunja, kufuna ming'alu, mabala a misomali ndi malo amene zigawo zayamba kulekana. Likapambana mayeso amaliika pamakina olipala, kuchotsa mano otsalawo mpaka patsale pokhakhala bwino ndi pobulungira mofanana. Mabala ang'onoang'ono amawakumba n'kuwatseka. Kenako amayala kansalu ka labala yaiwisi yomatira, n'kukulungapo lamba wa mano atsopano amene anaphikidwa kale. Lonselo amalikutira m'thumba la labala n'kulilowetsa m'thanki yotentha madigiri opitirira pang'ono 100, yokhala ndi mpweya wopanikiza, kwa maola angapo mpaka labala yomatira ija ipse n'kugwirana ndi thupi. Likatuluka amaliunikanso. Tayala lotere limadya gawo lochepa chabe la zipangizo za latsopano ndipo mtengo wake nthawi zambiri sudutsa theka. Ndege zikuluzikulu zimatera pa matayala ovekedwa motere kangapo konse, ndiye si ntchito ya amphawi ayi.

Koma ili ndi malire ake. Imayenda bwino pa matayala a mathiraki ndi mabasi, omwe thupi lake ndi la mawaya olimba ndipo linapangidwa kuti lidzavekedwenso. Pa tayala la galimoto yaing'ono phindu lake n'lochepa, thupi n'lopyapyala ndipo atsopano otchipa ochokera ku Asia anaipha bizinesi imeneyo pafupifupi kulikonse. Ngakhale pa thiraki, eni ake osamala amaika ovekedwa kumbuyo ndi pa ngolo, kutsogolo kowongolera amaikako atsopano.

Vuto lathu lenileni n'lakuti thupi timalipha lisanafike kufakitale. Timayendera tayala mpaka mawaya aonekere, madzi alowe, mawaya achite dzimbiri. Limenelo silivekedwanso. Timayenda ndi mpweya wochepa, timanyamula matumba 200 pamene pamafunika 120, khoma la tayala limapindikapindika n'kutentha mpaka zigawo zamkati kulekana. Onjezani maenje a pamsewu. Mwini thiraki amene akufinya mwezi umodzi wowonjezera pa tayala losalala wataya thupi limene likadamuyendera moyo wina wonse. Zidutswa za matayala zimene mumaziona m'mbali mwa M1 anthu amati ndi ritiredi yosweka. Yang'anitsitsani: ngati chidutswacho chili ndi mawaya, si mano okha amene anamatuka, ndi thupi lenilenilo limene linaphulika, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi kutentha kobwera ndi mpweya wochepa kapena katundu wopyola.

Ndiye pali chinyengo chimene chimabisala kumbuyo kwa dzina lomweli: kutenga tayala losalala la galimoto yaing'ono n'kulikumba mizere yatsopano ndi mpeni wotentha. Iyi si ritiredi. Palibe labala imene yawonjezedwa, angochotsa yochepa imene inatsala pamwamba pa mawaya. Matayala okhawo amene amaloledwa kukumbidwa ndi a magalimoto akuluakulu olembedwa `REGROOVABLE`, chifukwa anawasiyira labala yapadera pansi pa mano. Lokumbidwa mwachinyengo mulizindikira chonchi: mizere yake si yofanana kuya, mkati mwake muli zipsera za mpeni, ndipo timilatho ting'onoting'ono timene timakhala pansi pa mizere tosonyeza kutha kwa tayala, pamene pakhoma pali kachizindikiro ka `TWI`, tasowa. Limeneli mukaliona pa minibasi, tsikani. Ndikunenetsa.

Nanga lomwe latheratu?

Amalawi sitinayambe lero kupezerapo ntchito pa tayala lakufa. Nkhwaila, linya lomangira denga, malamba omangira katundu panjinga, mipando, zomwera nkhuku ndi nkhumba. Zonsezi n'zabwino, ndipo zili ndi ubwino wina umene sitiuwerengera: tayala lodulidwa silisunganso madzi. Koma amisiri amenewa sangamalize mulu wa mzinda wonse.

Kumtaya nako si yankho. Tayala lathunthu mbali yaikulu ndi mphako, limadya malo, ndipo ukalikwirira limasunga mpweya n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kutulukiranso pamwamba. Mayiko a mu mgwirizano wa Ulaya analetsa kutaya matayala athunthu kumtaya mu 2003, ndipo odulidwa mu 2006. Tikati tingowakuta pamodzi ku Area 38 kapena ku Mzedi, komwe moto sukata, tikuitana zina. Ku Hagersville, m'dziko la Canada, mulu wa matayala opitirira 12 miliyoni unayaka masiku 17 mu 1990. Moto wa tayala suzima ndi madzi wamba, ndipo labala ikamasungunuka imatulutsa mafuta amene amalowa m'nthaka ndi m'zitsime. Ife timawayatsa dala, pa mademo ngati a 2019, ndi tsiku ndi tsiku pofuna kuchotsa mawaya okagulitsa. Utsi wakuda uja uli ndi mwaye wolowa mpaka m'mapapo ndi mankhwala oyambitsa khansa, ndipo woyamba kuupuma ndi woyatsayo. Pamsewu umasiya bala pa phula pomwe mvula imadzayambira kukumba.

Ntchito imene ndimaona kuti ingameze matayala ambiri popanda makina ndi yomanga. Tayala lodzazidwa dothi n'kusindiridwa limasanduka njerwa yaikulu yosasweka. Katswiri wa zomangamanga wa ku America, Michael Reynolds, wakhala akumanga nyumba zathunthu ndi njira imeneyi ku Taos, New Mexico, kwa zaka makumi angapo. Ife tisathamangire nyumba. Tiyambe ndi chimene chimativuta chaka chilichonse m'malo otsetsereka ngati Bangwe, Chilobwe kapena Mchengautuwa: dothi la pabwalo kukokoloka mpaka maziko a nyumba kuonekera.

Tinene kuti mukufuna khoma lotchinga dothi lotalika mamita 6, msinkhu mita imodzi. Tayala la galimoto yaing'ono ndi lotambalala pafupifupi masentimita 60 ndipo likagona msinkhu wake ndi pafupifupi masentimita 20. Ndiye mzere umodzi ndi matayala 10, mizere isanu, onse pamodzi 50. Sankhani a saizi imodzi kuti mizere isapendame. Kumbani ngalande yosalala pa nthaka yolimba kuti mzere woyamba ukhale wokwiririka ndithu. Pansi pa tayala lililonse yalani katoni kapena thumba la simenti kuti dothi lisatayikire pansi. Thirani dothi lonyowa pang'ono, osati matope komanso osati la pamwamba lokhala ndi zinyalala, ndipo mulisindire ndi hamala yaikulu kulowetsa m'mbali mpaka khoma la tayala litafufuma. Limodzi limameza mawilibala awiri kapena atatu ndipo likadzaza limalemera makilogalamu opitirira 100, ndiye mumadzazira pomwe likhalire. Mzere wachiwiri ukhale molumikiza ngati njerwa, tayala limodzi pamwamba pa awiri, ndipo mzere uliwonse ubwerere masentimita angapo kulowera kuphiri kuti khoma litsamire dothi limene likulitchinga.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa madzi. Khoma lotchinga dothi siligwa ndi dothi, limagwa ndi madzi odzaza kumbuyo kwake. Siyani mpata kumbuyoko muthiremo miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa, ndipo pansi muike mapaipi otulutsira madzi. Cholakwika chachiwiri ndi ulesi posindira. Mukasiya mphako m'mbali mwa tayala, khoma lidzatitimira, ndipo mphakoyo idzasunga madzi: mwamangira Edesi nyumba ya zipinda 50. Poyesa, lipondeni. Losindiridwa bwino silibonyoka. Pamwamba tsekani ndi dothi n'kubzalapo udzu wa vetiva, kapena pakani pulasitala kuti dzuwa ndi moto wa zinyalala zisafike pa labala.

Ndinene mosabisa kuti khoma lotere ndi la pabwalo, la m'mbali mwa njira, la masitepe otsikira kudambo. Likapitirira mita imodzi ndi theka pamafunika injiniya. Ndipo si mankhwala a zimene zinachitika ku Soche mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri. Matope ndi miyala yotsika mwa mtundu umenewo palibe tayala lingaiimitse, ndipo aliyense wokuuzani kuti mutha kumanga m'khwawa chifukwa mwatchinga ndi matayala akukuikani m'manda.

Alipire ndani?

Zonse ndanenazi munthu payekha angathe. Koma mulu wa mzinda umafuna galimoto yotolera, malo osungira okhala ndi denga, ndi wina wolandira. Zimenezi zimafuna ndalama, ndipo tayala lakufa silidzilipirira lokha ulendo.

Anzathu a ku South Africa anayesa njira yake. Mu 2012 anakhazikitsa ndondomeko yoyendetsedwa ndi bungwe la REDISA, pomwe opanga ndi oitanitsa matayala ankalipira R2.30 pa kilogalamu iliyonse. Pa tayala la galimoto yaing'ono, lolemera makilogalamu 8 kapena 9, ndi ndalama yozungulira R20. Ndalamayo inkalipira otolera, onyamula, madepoti ndi okonza. Ganizo lake ndi lolunjika: mtengo wa maliro a tayala ulipiridwe tsiku limene likulowa pamsika. Koma mu 2017 boma ndi bungwelo anakokerana kukhoti pa kayendetsedwe ka ndalama, ntchito inapita m'manja mwa boma, ndipo kuchokera apo madepoti akhala akudzaza mofulumira kuposa mmene matayala akukonzedwera. Kutolera ndalama n'kosavuta, ndi kutolera matayala komwe. Povuta ndi kupeza wowameza kumapeto.

Wommeza wamkulu m'mayiko ambiri ndi fakitale ya simenti. Ng'anjo yowotchera miyala ya simenti imafika madigiri pafupifupi 1,450, moto umene umapsereza tayala mosiyana kotheratu ndi wa pamsewu, ndipo mawaya ake amalowa m'simentimo ngati chitsulo chimene chimafunika kale. Tayala limapereka moto wofanana kapena woposa wa malasha. Ng'anjo yotere ilipo m'dziko muno, ku Shayona ku Kasungu. Koma pamafunika makina olowetsera matayala ndi zida zoyezera utsi nthawi zonse, apo ayi tangosamutsa utsi wa ku Mchesi kukausiya kwa anthu a ku Chamama. Ili ndi funso loti bungwe loona za chilengedwe la MEPA, lomwe linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, likhale nalo pansi ndi makampani a simenti.

Ineyo ndikadayamba ndi zinthu ziwiri zosafuna fakitale. Choyamba chili pachipata cholowera m'dziko. Tayala la kaunjika lizilowa pokhapokha lili ndi zaka zosapitirira malire oikika, mano okwanira, komanso louma ndi lotsekeredwa. Kuletseratu sindikugwirizana nako, chifukwa kungotsegula njira zozembetsera ndi kulanga wa takisi. Koma kontena ya matayala a mamilimita atatu a chaka cha 2014 si malonda, ndi zinyalala zobwera ndi invoisi, ndipo a MBS ndi a MRA ali ndi maso owerengera manambala anayi aja.

Chachiwiri chili ndi makhonsolo. Malo aliwonse ogulitsa kapena kumata matayala amakhala ndi chiphaso cha bizinesi, kapena amadula tikiti ya msika. Pamenepo pawonjezeredwe lamulo limodzi losavuta kuliona ndi maso: kuyambira November mpaka April, tayala logulitsa likhale pansi pa denga kapena lofundidwa ndi tenti yokokedwa bwino yosasunga madzi, ndipo lakufa lidulidwe khoma limodzi kapena libooledwe mabowo akuluakulu anayi kapena asanu pamene madzi amadikha. Mabowo a msomali sathandiza, amatsekeka ndi masamba sabata yomweyo. Akhale oti chala chachikulu chilowe. Zomwezo pa matayala a pamadenga, a m'mabwalo a sukulu za mkaka ndi obzalamo maluwa. Ndi ntchito ya mpeni wakuthwa ndi mphindi zochepa pa tayala, ndipo iyenera kuchitika mu October, chifukwa mvula yoyamba ikangomiza mazira aja mwatsala ndi sabata imodzi.